Kalata ya Mizere Inayi

A Kalaliki anagwira ntchito yolemba makalata mu ofesi zaka makumi atatu ndi zinayi, mpaka dzina lawo lenileni linaiwalika. Ngakhale akazi awo, akapsa mtima, ankawaitana a Kalaliki. Munthuyu kalata ankaidziwa. Ankatha kupempha mpando umodzi m'masamba awiri, bwana n'kuwerenga mpaka kumapeto akugwedeza mutu, kenako n'kufunsa kuti kodi chikufunika n'chiyani kwenikweni. Atapuma pantchito, ofesi inawapatsa taipi yakale yomwe inali itasowa woigwiritsa ntchito, ndipo anaiika pa tebulo la pakhonde n'kumatayipira anthu makalata pamtengo wochepa. Za foni sankafuna kumva. Ankati nkhani yolemekezeka imayenda mu envelopu, ya pa foni ndi miseche.

Tsono kalata imene inawasowetsa mtendere a Kalaliki inali yaing'ono zedi, yoti mwana wa sukulu akanailemba ataimirira.

Zaka zitatu m'mbuyomo, iwo ndi akazi awo anatenga ngongole kubanki kuti awonjezere zipinda ziwiri ndi kusintha malata. Chikole chinali nyumba yomweyo. Mapepala a nyumba anapita kukagona m'kabati ya banki, ndipo kuyambira tsiku limenelo mayiwo, omwe anali telala, ankati akusoka m'nyumba ya eni. Sankanena mwaukali. Ankangonena akudula ulusi ndi mano, koma a Kalaliki zinkawalasa.

Ndiye ndalama ya penshoni inatuluka, ija amapereka kamodzi, mamiliyoni anayi ndi kakusefukira pang'ono. Ngongole nayo inali itatsala mamiliyoni anayi. Panalibe chokambirana. Mayi anawasitira malaya oyera, a Kalaliki n'kunyamula chikwama chawo chachikopa kupita kukatseka ngongole nthawi yake isanakwane.

Vuto linali lakuti msewu wopita kubanki unkadutsa pa galaja. Pa galajapo panali galimoto yobiriwira, yakale koma yonyada, imene a Kalaliki anakhala akuipatsa moni ndi maso kwa miyezi isanu ndi umodzi. Zaka zonse za ntchito anakhala akutsegulira mabwana zitseko za galimoto, akazi awo akupanikizana ndi mitolo ya nsalu m'mabasi. Mumtima anali atalumbira kuti asanafe adzawakhazika mayiwo pampando wakutsogolo, iwo atagwira chiwongolero, mawindo ali otsegula. Limeneli silinali loto loipa. Kungoti makaniko wa pa galajapo anali ndi pakamwa potsekemera.

"Bwana, iyi ingofuna batire basi," anatero makaniko akuisisita ngati ng'ombe. "Injini yake ndi namwali."

Kubanki a Kalaliki anapereka mamiliyoni awiri ndi zikwi mazana anayi. Yotsalayo inapita ku galimoto. Mayi wa pa desiki ya ngongole, munthu wa magalasi okhala kunsonga kwa mphuno, analandira ndalamazo, n'kuzichotsera pa ngongole yeniyeni monga a Kalaliki anapemphera, kenako anafunsa ngati akufuna kufupikitsa nthawi yobwezera kapena kuchepetsa ndalama ya pamwezi. A Kalaliki anasankha kuchepetsa ya pamwezi, chifukwa ndalama yaing'ono imabisika. Panatsala miliyoni imodzi ndi zikwi mazana asanu ndi limodzi. Anawerengera kuti azilipira mwakachetechete, ndipo galimoto ikadzaima pakhomo ikulira hutala, mayi adzaiwala masamu.

"Zatheka?" anafunsa akazi awo madzulo, osachotsa phazi pa makina.

"Zatheka, mayi. Kwangotsala tinyenyeswa, tachiwongoladzanja ta masiku ochepa. Zinthu za m'maofesi izi."

Makina anaima. Mayi anawayang'ana pamwamba pa nsalu kwa kanthawi, kenako anapitiriza kusoka.

Patatha sabata anaiyambanso nkhaniyo, pa nthawi ya tiyi wam'mawa. Anati anamva kwa kasitomala wawo wina kuti munthu akafuna kutseka ngongole amalembera banki, kupempha pepala losonyeza ndalama yeniyeni yotsala, kuti akapereka imeneyo nkhani ithe, mapepala a nyumba abwere.

"Tinyenyeswa timeneto ndikhoza kutolera ine," anatero. "Ingolembani, abambo. Si inu a makalata?"

Tiyi anawatsamwa a Kalaliki. Koma akanakana bwanji? Munthu amene analembera makalata msewu wonse, opempha ntchito, odandaula za madzi, ofunsira mbeta, akanati chiyani? Anati ndi nkhani yaing'ono, alemba lero lomwe. Ndipo atakhala pa taipi paja, nzeru inawabwerera, nzeru ya munthu amene wakalambira mu ofesi. Ankadziwa bwino lomwe mmene kalata imayendera. Choncho ankadziwanso mmene kalata imafera panjira. Makaniko anali atalonjeza kuti galimoto idzuka m'masabata awiri. Chofunika chinali kugula masabata awiri basi.

Kalata yoyamba inali yokongola moti anadandaula kuti ikupita kukatayidwa. Inayamba ndi kuthokoza banki chifukwa cha ubale wa zaka zambiri, inayamikira ukhondo wa m'chipinda chodikirira, inakamba za kufunika kosunga ndalama pakati pa achinyamata. Pa tsamba lachiwiri, chakumunsi, inapempha mwaulemu kuti ngati n'kotheka, pa nthawi yoyenera, banki iunikeko mmene zinthu zilili. Nambala ya ngongole sanailembe. Anawawerengera akazi awo mokweza, ataimirira.

"Yakoma," anatero mayi. "Ngati ulaliki."

A Kalaliki anakaiponya m'bokosi la makalata la pakhomo pa banki, osati pa desiki, kuti iyambe yazungulira. Inazunguliradi masiku khumi ndi awiri. Kenako mayi wa magalasi uja anawaona akudzalipira ya pamwezi, n'kuwakodola.

"Bambo, kalata iyi ndi yanu?"

"Ndi yanga, mayi. Mwaiona bwanji?"

"Taiwerenga anthu atatu. Wina amati ndi yothokoza, wina amati mukufuna ntchito. Mukufuna chiyani?"

A Kalaliki anafotokoza mozungulira, koma mayiyo anali atazolowera anthu ozungulira. Anatenga kapepala n'kulemba zinthu zisanu. Dzina lonse monga lilili pa mgwirizano. Nambala ya ngongole. Pempho lomveka, lakuti mukufuna sitetimenti yotsekera ngongole. Tsiku limene mukufuna kudzalipira. Siginecha.

"Tsikulo ndi lofunika," anatero akuligogoda ndi cholembera. "Chiwongoladzanja chimawerengedwa tsiku ndi tsiku, sichigona. Ndalama yotsekera lero si yotsekera mawa. Mukabweretsa kalata yabwino, timayankha m'masiku asanu ogwira ntchito. Mizere inayi yakwana, bambo."

Mizere inayi! A Kalaliki anamva ngati awauza kuti apite ku ukwati atavala kabudula. Komabe anathokoza, n'kupinda kapepalako bwinobwino, n'kudzera ku galaja.

Galimoto anaipeza ili pa njerwa, matayala atachotsedwa. Batire linali litagulidwa, koma batirelo linaulula kuti sitata ndi yakufa, ndipo sitata yatsopano inaulula za pampu ya mafuta. Namwali uja anayamba kuoneka kuti anakwatiwapo kangapo.

"Masabata awiri, bwana," anatero makaniko, mutu uli m'boneti. "Ikangolira kamodzi, mudzandithokoza."

Kunyumba a Kalaliki ananena kuti abanki ndi anthu ochedwa, kalata yasochera m'madipatimenti, alembanso ina. Mayi anati chabwino. Anafunsanso za penshoni ya pamwezi, imene inali itabwera yoperewera, ndipo a Kalaliki anati akupenshoni nawonso makompyuta awo asokonekera. Bodza limodzi linayamba kubala ana, ndipo ana onsewo ankafuna kudyetsedwa. Anasiya kugula nyuzipepala. Anayamba kuyenda wapansi kupita m'tauni, n'kumati dokotala analangiza. Anatsitsa mtengo wa makalata kuti makasitomala achuluke, moti pakhonde pankamveka taipi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, m'nyumba makina osokera akuyankha. Odutsa ankati banja ili ndi lolimbikira.

Kalata yachiwiri inali ndi zonse zisanu, pakuti a Kalaliki sakanalola kuti mayi wa magalasi awaone ngati mbuli kawiri. Kungoti pa nambala ya ngongole anasinthanitsa manambala awiri omalizira. Cholakwa chotere chimachitika ngakhale kwa akatswiri. Anaiperekanso Lachisanu madzulo, banki ili pafupi kutseka. Inadya masiku ena khumi ndi asanu, chifukwa nambalayo inali ya munthu wina, ndipo banki siingapereke za ngongole ya munthu kwa mlendo. Atapita kukafunsa, mochedwa dala, mayi uja anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali.

"Bambo, munkagwira ntchito yanji?"

"Ukalaliki, mayi. Zaka makumi atatu ndi zinayi."

"Oo," anatero mayiyo, n'kuvalanso magalasi.

Mawu amodziwo anawapweteka a Kalaliki kuposa mbama. Anatuluka m'banki makutu akutentha. Kunamiza akazi awo ankakupirira, poti ankati n'kwa kanthawi ndipo mapeto ake ndi chisangalalo. Koma kuoneka ngati kalaliki wosadziwa kukopera nambala, pamaso pa munthu wa mu ofesi mnzawo, kunawadya mumtima. Anali kuwononga dzina lawo ndi manja awo omwe, tsamba ndi tsamba, chifukwa cha galimoto yokhala pa njerwa.

Masiku amenewo mayi sankafunsa kawirikawiri. Ankangoti pakapita masiku, akuthira tiyi kapena akuyeza nsalu, n'kunena kuti, "Abambo, palibe chimene mukufuna kundiuza?" A Kalaliki ankayankha kuti palibe, kupatula kuti mabanki a masiku ano ndi ochititsa manyazi. Mayi ankati, "Chabwino," n'kudula ulusi. Kangapo konse mawu anafika pakhosi. Tsiku lina anafika mpaka ponena kuti, "Mayi, kunena zoona," koma mayi atatembenuka n'kuwayang'ana, anamaliza ndi kuti malata a chipinda chatsopano akufunika utoto.

Kalata yachitatu anakhala nayo m'chikwama masabata atatu. Inali ndi nambala yolondola, dzina lolondola, pempho lomveka. Msampha wake unali pa tsiku lolipira: analemba tsiku limene linali litadutsa kale. Ankadziwa kuti ichi ndi chipolopolo chomaliza. Makaniko anali atalumbira pa manda a amayi ake kuti kwangotsala giyabokosi.

Linali Lachinayi m'mawa pamene anakaima pa desiki paja. M'banki munali mozizira, anthu ali pamzere ndi timapepala ta manambala, mlonda akuyasamula pakhomo. A Kalaliki anatulutsa envelopu n'kuiika pa desiki ndi manja awiri. Mayi wa magalasi sanaitsegule n'komwe.

"Musavutike, bambo. Tayankha kale."

"Mwayankha chiyani?"

"Sitetimenti yotsekera ngongole. Mayi anadzatenga dzulo."

"Mayi ake ati?"

"Akazi anu. Analemba sabata yatha."

A Kalaliki anagwira m'mphepete mwa desiki. Anayesa kukwiya, poti mkwiyo umathandiza munthu akasowa chonena. Anati kodi banki imeneyi imapereka zinsinsi za anthu kwa aliyense wodutsa? Anati alembera akuluakulu. Mayiyo anatsegula fayilo modekha, n'kuitembenuza kuti aone. Pa tsamba lomaliza la mgwirizano panali masiginecha awiri, yawo yokongoletsedwa ndi michira yambiri, ndi ina yaing'ono pansi pake.

"Nyumba ili m'maina awiri, ngongolenso ili m'maina awiri. Mayi ndi mwini ngongole ngati inu nomwe. Akapempha, timawapatsa."

Pamwamba pa fayiloyo panali kalata yawo ya mayi. Inalembedwa ndi bolopeni pa tsamba long'ambidwa m'kope la miyezo, moti kuseri kwake kunkaonekera manambala a chiuno ndi mapewa a munthu wina. A Kalaliki anaiwerenga mosafuna. Inati: Ine mwini ngongole nambala yakutiyakuti ndikupempha sitetimenti yotsekera ngongoleyi, yosonyeza ndalama yonse yotsala pambuyo pa zimene tinalipira msanga. Ndikufuna kudzalipira pasanathe masabata awiri kuchokera tsiku la yankho lanu. Ndidzatenga ndekha. Pansi pake dzina ndi siginecha. Panalibe moni wa ulemu, panalibe kuthokoza. Inali mizere inayi ndendende.

"Kalata yabwino," anatero mayi wa magalasi. "Sitinafunse chilichonse."

A Kalaliki anabweza envelopu yawo m'chikwama. Ulendo wobwerera kunyumba, womwe unkatenga theka la ola, unawatengera maola awiri. Anaima pa sitolo ya nsapato n'kuyang'ana nsapato zimene sankazifuna. Anakonza mawu oyamba, n'kuwataya, n'kukonza ena. Anaganiza zonena kuti banki yalakwitsa masamu, koma ngakhale iwo anaona kuti bodza limeneli labadwa lopuwala. Pa galaja anadutsa tsidya lina la msewu.

Anapeza mayi akusoka diresi la buluu. Pa tebulo lodulira nsalu panali pepala la chidindo cha banki, litatsikizidwa ndi sizasi yaikulu kuti lisauluke ndi mphepo.

"Mwabwera, a Kalaliki," anatero mayi. "Khalani. Pali kalata yanu apo. Inu ndi amene mumadziwa kuwerenga za m'maofesi."

Anakhala. Pepalalo linali lopanda chifundo ngati mapepala onse olembedwa bwino. Ngongole yeniyeni yotsala, 1,494,000. Chiwongoladzanja cha masiku khumi ndi awiri kuchokera pa malipiro omaliza, 11,784. Chindapusa chotsekera ngongole nthawi isanakwane, magawo awiri pa zana lililonse, 29,880. Zonse pamodzi pa tsiku la kalatayo, 1,535,664. Pansi pake panali mzere wonena kuti tsiku lililonse lowonjezera muonjezepo 982, ndipo kuti sitetimentiyi igwira ntchito masiku khumi ndi anayi okha, akadutsa mupemphe ina. Mapepala a chikole adzabwezedwa ndalama yonse ikalandiridwa.

"Tinyenyeswa," anatero mayi, phazi likupalasa makina.

"Mayi, ndikhoza kufotokoza."

"Fotokozani. Koma mwachidule, diresili alifuna mawa."

A Kalaliki anatsegula pakamwa, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo mawu oyamba sanabwere. Chimene chinatuluka ndi funso lopusa. Anafunsa kuti mayi anayamba liti kukayika.

Mayi anaimitsa makina, n'kupisa m'thumba la epuloni, n'kutulutsa foni yawo yakale ya galasi losweka pakona. Anaidina kangapo n'kuwapatsa. Unali uthenga wochokera kubanki, wa tsiku lija la malaya oyera, nthawi ya 11:42 m'mawa. Unkathokoza chifukwa cha malipiro a 2,400,000 ndi kunena kuti yotsala ndi 1,600,000.

"Munali musanafike n'komwe pakhomo pano," anatero mayi. "Mwezi uliwonse amanditumizira, zaka zitatu tsopano."

Apa m'pamene a Kalaliki anakumbukira. Tsiku lodzaza fomu ya ngongole panali kabokosi ka nambala ya foni. Iwo za foni sankazifuna, koma fomu yokhala ndi bokosi lopanda kanthu inkawanyansa ngati munthu wa dzino loguluka. Choncho analembamo nambala ya akazi awo, mwaukhondo, n'kuiwala.

"Za galimoto nazonso ndikuzidziwa," anapitiriza mayi. "Diresi ili ndi la mkazi wa makaniko wanu. Akuti zinthu zikuwayendera chaka chino. Akuti apeza bwana wina wabwino mtima amene amagula chilichonse chimene amuuza."

A Kalaliki anayang'ana diresi la buluu lija. Nsalu yake inali yodula. Anaganiza kuti mwina manja akewo ndi pampu ya mafuta, kolala n'kukhala sitata.

"Nanga bwanji simunanene?" anafunsa, mawu atatsika. "Miyezi iwiri yonseyi, mumangondiyang'ana ndikutayipa?"

Mayi anatenga pensulo imene ankalembera miyezo, n'kukoka pepala la banki lija, n'kulemba m'mphepete mwake. Kuchokera tsiku limene anauza a Kalaliki kuti alembe kalata mpaka dzulo anali masiku makumi asanu ndi limodzi ndi atatu. Tsiku lililonse, pafupifupi sauzande. Anachulukitsa, n'kudula mzere pansi pa yankho.

"Ndinkadziwa kuti tsiku lililonse likudya ndalama. Ine si wa mu ofesi, koma kuwerenga ndimatha. Ndinati ndidikire, bambo awa andiuza okha. Zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi tili limodzi, andiuza. M'mawa uliwonse ndinkati lero, ndipo ndinkalipira sauzande kuti ndimve pakamwa panu. Ndinakufunsani kangati, abambo? Munandiuza za utoto wa malata." Anaika pensulo pansi. "Sabata yatha ndinaona kuti mawu anu andidulira. Sindingawakwanitse."

Sanakweze mawu, ndipo a Kalaliki analakalaka akanakuwa, akanaponya sizasi, akanaitana abale. Manyazi amene anawagwira anali a mtundu wina, osati aja a pa desiki ya banki. Anazindikira kuti miyezi iwiri yonse ankadziona ngati wochenjera amene akugula nthawi, pamene wolipira nthawiyo anali atakhala chipinda chinacho akusoka.

"Ndinkafuna mukhale kutsogolo," anatero potsiriza. "Pampando wakutsogolo. Mwakwera mabasi mokwanira."

Inali kalata yaifupi kuposa zonse zimene anapekapo, ndipo mayi anaimva. Anasalaza diresi ndi chikhatho.

"Ndili ndi zikwi mazana asanu ndi anayi," anatero kenako. "Za mayunifolomu a sukulu zija, ndi zimene ndakhala ndikusunga. Mlamu wake wa makaniko amagula magalimoto akufa n'kumagulitsa zitsulo zake. Akuti apereka zikwi mazana asanu ndi limodzi ndi makumi asanu. Tikaphatikiza zikwana, bola tilipire masiku khumi ndi anayi asanathe. Latha kale limodzi."

A Kalaliki anafuna kunena kuti galimotoyo yadya ndalama zoposa miliyoni ndi zikwi mazana asanu ndi limodzi, kuti kwangotsala giyabokosi, kuti masabata awiri okha. Anayang'ana mzere wa 982 uja n'kumeza mawuwo.

Anapita ku galaja Loweruka m'mawa, awiriwo, mayi atavala diresi lawo lopitira kutchalitchi, zimene a Kalaliki sanazimvetse. Wogula anali atafika kale ndi lole yokokera, akuzungulira galimoto ija ngati wogula mbuzi, akugogoda apa ndi apo. Makaniko anali wachisoni zedi, ndipo chisoni chake chinali chenicheni. Ndalama zinawerengedwa pa boneti, kawiri, mayi n'kuziika m'chikwama chawo, osati chachikopa chija. A Kalaliki anasayina pepala logulitsa popanda michira.

Anyamata a lole atayamba kumasula unyolo, mayi anakweza dzanja.

"Tadikirani kaye."

Anazungulira galimotoyo, n'kuima pa chitseko chakutsogolo, mbali ya wokwera. Anaima pomwepo, chikwama chili m'khwapa, osagwira chitseko. A Kalaliki anawayang'ana osamvetsa, kenako anamvetsa. Zaka makumi atatu ndi zinayi za kutsegulira mabwana zinawathandiza. Anathamanga n'kutsegula, chitseko chikulira, ndipo mayi analowa mosamala, poti galimoto ya pa njerwa imagwedera. Anakonza diresi pa mawondo. Anapukusa chogwirira windo, galasi n'kutsika theka n'kukanirira pomwepo.

"Nanga oyendetsa ali kuti?" anatero.

A Kalaliki analowa mbali inayo n'kugwira chiwongolero ndi manja awiri. Kutsogolo kwawo kunali khoma la galaja, lopakidwa mafuta akuda, ndi kalendala ya chaka chatha. M'galimotomo munkanunkha fumbi ndi mphira wakale. Panja makaniko, wogula ndi anyamata a lole anaima duu, osadziwa ngati aseke.

Anakhala choncho mwina mphindi zitatu. Mayi anatulutsa chigongono pawindo, akuyang'ana kutsogolo ngati munthu amene akuona minda ikudutsa.

"Mipando yake ndi yabwino," anatero. "Simunasankhe moipa."

A Kalaliki anayang'anabe kutsogolo. Khoma lija linali litayamba kuoneka mwa chimbuuzi.

"Basi, ndatsika pano," anatero mayi akugogoda pa bolodi ngati mmene amachitira m'basi. "Banki Loweruka amatseka msanga, ndipo lero ndi tsiku lachitatu. Muonjezepo 2,946."